Mawu osukuluka m'nyimbo yachikondi: kuwazindikira ndi kuwasintha

Nyimbo zambiri zachikondi zomwe achinyamata amapita nazo ku situdiyo zimafa zisanatuluke, osati chifukwa cha mawu oipa a woyimba kapena zing'wenyeng'wenye zosamveka, koma chifukwa zonse zomwe zikunena omvera adazimva kale. Mkazi ndi duwa, mano ake ndi oyera ngati mkaka, amawala ngati mwezi, ndipo woyimba sagona usiku. Mawu oterewa adali okoma tsiku lomwe munthu woyamba adawapeka, koma adutsa m'kamwa mochuluka mpaka asukuluka ngati tiyi wothiridwa madzi kachitatu.

Kuwazindikira si kovuta. Wopeka awerengere mnzake theka la mzere n'kuima. Mnzakeyo akamaliza yekha mzerewo mosaphonya, ndiye kuti mzerewo si wa wopekayo, ndi wa aliyense. Njira ina ndi kuchotsa dzina la wokondedwa n'kuikapo la mtsikana wina. Ngati nyimbo ikuyendabe bwino popanda kusintha liwu lina lililonse, ndiye kuti mwini wake weniweni mulibemo. Iye akadzaimva adzaombera m'manja mwaulemu, koma sadzadziona.

Chitsanzo chingakhale mnyamata wa ku Mtakataka m'boma la Dedza yemwe akupeka nyimbo yoti akayimbe pa chinkhoswe chake, ndipo ndime yake yoyamba ikuyamba ndi mzere woti: "Usiku sindigona poganiza za iwe." Mzerewu si wabodza. Vuto lake n'lakuti ungayimbidwe ku Karonga, ku Nsanje kapena ku Joni ndi mwamuna aliyense kwa mkazi aliyense.

Pofuna kuukonza, choyamba si kufunafuna mawu ena okongola. Wopekayo adzifunse chomwe mzerewo umafuna kunena. Apa ukunena kuti maganizo a mtsikanayo amamulanda nzeru. Funso lotsatira, lomwe ndi gwero la ntchito yonse, n'lakuti: zidachitika liti, ali kuti, ndipo zidamutayitsa chiyani?

Yankho lili pafupi. Ku Mtakataka kuli sikimu ya ulimi wamthirira ya Bwanje, yomwe idamangidwa ndi thandizo la boma la Japan. Ndi ya mahekitala pafupifupi 800 ndipo imatenga madzi mumtsinje wa Namikokwe. Aliyense wokulira kumeneko amadziwa ntchito yoingitsa mbalame mpunga ukayamba kukhwima: kulawirira m'mamawa, kukuwa, kugwedeza zingwe zomangirira zitini, osachotsa diso pamunda. Ngati mnyamatayo adatumidwapo ntchito imeneyi koma maso ake n'kumangokhala panjira yomwe mtsikanayo amadzera, ndiye kuti mzere wake waupeza: "Mpheta zatha mpunga ndikuyang'ana njira yako."

Mzere watsopanowu sukutchula chikondi, mtima kapena maganizo, komabe womvera akuona munda, mbalame ndi munthu wobalalika. Akudziwanso kuti madzulo kunyumba kukhala mlandu, pakuti mpunga ndi ndalama. Chikondi chomwe chatayitsa munthu kanthu chimakhulupirika msanga kuposa chongolumbira.

Ntchito siinathere pamenepa, chifukwa nyimbo si ndakatulo yongowerenga. Mzere wakale uli ndi maphatikizo 14: u-si-ku si-ndi-go-na po-ga-ni-za za i-we. Watsopanowu uli ndi 16, ndipo woyimba akaukakamiza m'mayimbidwe akale adzameza mawu ena kapena kuthamanga ngati akuthawa mvula. Powerenga asamale ndi "m" woyamba: mu "mpunga" amaima payekha ngati phatikizo, m-pu-nga, pomwe "mpheta" ali ndi awiri okha, mphe-ta. Akadula n'kunena kuti "Mpheta zatha mpunga ndili maso kunjira," maphatikizo abwerera pa 14. Kudulako kwapindulanso kwina: "ndili maso kunjira" ndi momwe anthu amayankhuliradi, ndipo phatikizo lotsamira, lomwe m'Chichewa limakhala lachiwiri kuchokera kumapeto, lagwera pa "nji" monga lidagwera pa "i" mu "iwe".

Pali msampha womwe opeka ambiri amagwamo akangouzidwa kuti agwiritse ntchito zinthu zakwawo. Amachotsa duwa n'kuikapo mpunga wa kilombero: "Ndiwe kilombero wanga wonunkhira." Uku n'kuveka mawu akale omwewo chitenje chatsopano. Mzerewo ukadali wongoyamikira, palibe chikuchitika, ndipo dzina la mtsikana aliyense lingalowemo. Chimodzimodzi kundandalika maina a malo. Kutchula Mua, Golomoti ndi Mtakataka m'ndime imodzi kumasangalatsa anthu akumeneko kwa kanthawi, koma kumamveka ngati kondakitala akuitanira minibasi pamsewu wa M5. Dzina la malo limagwira ntchito pokhapokha pamalopo pachitike kanthu.

Chinanso n'chakuti chinthu chilichonse chimabwera ndi katundu wake. Mlambe ndi mtengo wodziwika m'chigwa chonsechi ndipo umakhalitsa, koma mtsikana wofanizidwa ndi mlambe adzayamba waganiza za thunthu lake asanaganize za kukhalitsako. Usipa ndi wokoma, koma ndi ndiwo yogulitsidwa pamilu, ndipo fungo lake silichoka msanga m'manja. Asanakhazikike pa chifaniziro, wopeka aganize chomwe azakhali a mkazi, atakhala pamphasa pa chinkhoswe, adzamve poyamba. Pa chifukwa chomwecho, zomwe awiriwo amadziwa okha zisalowe zonse m'nyimbo. Mzere wofuna kumasulira usanamveke walephera, ndipo woulula zam'seri pamaso pa ankhoswe walephera koposa.

Si mawu onse osukuluka oyenera kutayidwa. Ena amatsitsimuka akafunsidwa tanthauzo lawo m'dera la wopekayo. Mwezi ndi chitsanzo. Kwa wokhala m'tauni, mwezi ndi kuwala kokongola basi. Kwa asodzi a usipa m'mbali mwa nyanja ya Malawi, kufupi ndi Mtakataka, nkhani ndi ina. Iwo amapha usipa usiku pokopa nsombazo ndi nyali, ndipo mwezi ukawala kwambiri nyali sizikopanso, kotero ambiri amapumula masiku amenewo. Mwezi womwe woyimba wa m'tauni amautamanda umadula ndalama za msodzi, koma umamubwezanso kunyumba.

Choncho mkazi wa msodzi atapeka nyimbo, sayenera kunena kuti mwamuna wake amawala ngati mwezi. Angayimbe kuti: "Mwezi wakula, zimitsa nyali, mphasa ndayala." Mwezi ndi womwe uja, koma tsopano uli ndi ntchito. Ukunena za masiku owerengeka omwe banjalo limagona nyumba imodzi, ndipo wodziwa za kunyanja amvamo ndi kudandaula komwe, poti masikuwo akatha bwato lidzabwerera pamadzi.

Kolasi ili ndi ufulu wochulukirapo. Anthu amafuna mawu osavuta oti avomereze pamodzi, ndipo "ndimakukonda" wamba sachimwa pamenepo ngati ndime zamupezera kale chifukwa. Mnyamata wa ku Mtakataka uja angasiye kolasi yake momwe ilili n'kulimbana ndi mizere 8 ya ndime ziwiri zoyambirira, umodziumodzi, akuwerengera mnzake theka n'kuima. Pa mzere wa mpheta, mnzakeyo akamva "Mpheta zatha mpunga" sadzatha kumaliza yekha. Adzadikira kuti amve zomwe zidachitikira mlonda wa mundawo.