Kudula Chithunzi cha Ketulo Popanda Kusiya Mano M'mphepete

Ketulo imene mumaiona pachikwangwani cha sitolo nthawi zambiri imakhala kuti inajambulidwa ili pamalo oyera, kenako wina anaidula pakompyuta n'kuiika pa mtundu wina. Ikadulidwa mwachidule, chithunzicho chikangokulitsidwa m'mphepete mumaoneka mano ngati a sowo.

Pa katundu wa m'mphepete molimba, monga ketulo, foni kapena botolo, akatswiri amadalira `Pen Tool` ya mu Photoshop, yomwe imabwera mukadina `P`. Chida chimenechi sichisankha mapikiselo, timabokosi tija timene timapanga chithunzi. Chimajambula mzere umene kompyuta imausunga ngati masamu, choncho kaya muukulitse bwanji, umawerengedwanso mwatsopano n'kukhalabe wosalala. Mizere yotereyi imadziwika ndi dzina la Pierre Bézier, injiniya wa ku France amene ankaigwiritsa ntchito pokonza maonekedwe a magalimoto a Renault m'ma 1960.

Yambani mwakulitsa chithunzi kufika pa 200 kapena 300 peresenti. Pakona, monga pamene mlomo wa ketulo wakumana ndi mimba yake, mumangodina kamodzi. Pokhota mumadina n'kukoka, ndipo padontho pamatuluka tinyanga tiwiri timene timalamula kumene mzere ulowere. Kanyanga kamakhala bwino kakatalika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wokafika padontho lotsatira.

Apa m'pamene ambiri amalakwa. Poopa kuphonya, amathira madontho makumi awiri pamimba ya ketulo, koma dontho lililonse lowonjezera ndi malo amene mzere ungapindike molakwika. Mbali imodzi ya mimba imatheka ndi madontho atatu okha: pamene kukhota kwayambira, pamene kwatukuka kwambiri, ndi pamene kwathera. Mukafika poti kukhota kwasanduka kona, gwirani `Alt` n'kudina padontholo kuti kanyanga kakutsogolo kachoke, apo ayi mzere upitirira n'kupanga chotupa.

Mzerewo uziyenda pikiselo imodzi kapena ziwiri mkati mwa ketulo, chifukwa mapikiselo a m'mphepete penipeni amakhala atasakanikirana ndi kuyera kwa kumbuyo. Musaiwalenso bowo la pachogwirira: limafuna mzere wakewake, mutasankha `Exclude Overlapping Shapes`.

Mukatseka mzere, upatseni dzina mu `Paths`, poti `Work Path` yosasungidwa imafufutika mukayamba ina. Kenako pitani ku `Layer > Vector Mask > Current Path`, ndipo pansi pake muikepo mtundu wakuda. Kamzere koyera kalikonse kotsalira kamaonekera pompo, ndipo mumangogwira `Ctrl` n'kukankhira dontho mkati pang'ono.

Koma chosaphwanyika ndi mzere wokha. Ketuloyo ikadali mapikiselo, ndiye ngati chithunzi chinabwera pa WhatsApp chitachepetsedwa kale, pachikwangwani mudzaona m'mphepete mwakuthwa koma mkati muli mbuu. Zikatero, pemphani mwini katundu akutumizireni fayilo yoyambirira yochokera mu kamera.