Kalata ya aphunzitsi: pomwe ophunzira zachuma amatayira malikisi

Mayeso atatha ndipo zolembera zofiira zitauma, mphunzitsi wina wa zachuma pa yunivesite ina m'dziko muno sanangopachika malikisi pakhoma n'kumapita. Analembera kalasi yonse kalata yofotokoza zolakwa zomwe anakumana nazo mobwerezabwereza pochonga mapepala a phunziro la momwe banki yayikulu imayendetsera ndalama m'dziko. Sanatchulemo dzina la wophunzira aliyense. Koma zolakwa zomwe anatchulazo si za m'kalasi mokha. Zimamvekanso pa wailesi, m'minibasi ngakhale pamisonkhano ya ndale.

Dandaulo lake lalikulu linali limodzi. Ophunzira ambiri analoweza chiganizo chakuti banki yayikulu ikakweza chiwongoladzanja, mitengo imatsika. Chiganizocho anachilemba pafupifupi pa funso lililonse, koma osasonyeza njira yomwe zinthu zimadutsa, ndiponso osagwira masamu ngakhale pang'ono.

Cholakwa choyamba sanachedwe nacho. Ena analemba kuti Reserve Bank of Malawi ingachepetse kukwera kwa mitengo pokweza misonkho kapena podula ndalama za sabuside ya feteleza. Zimenezo ndi za Unduna wa Zachuma, ndipo zimadutsa mu bajeti ku Nyumba ya Malamulo. Banki yayikulu ili ndi zida zake. Imaika chiwongoladzanja chomwe chimatsogolera ziwongoladzanja zina zonse, imalamula gawo la ndalama za makasitomala lomwe mabanki ayenera kusunga osabwereketsa, komanso imagula kapena kugulitsa zikalata za ngongole pofuna kuwonjezera kapena kuchepetsa ndalama zomwe zikuzungulira. Wosakaniza mbali ziwirizi anataya malikisi onse a funsolo.

Pomwe kalatayo inakhalitsa ndi pa inifuleshoni. Funso linapereka chithunzi cha dziko lomwe inifuleshoni yake yatsika kuchoka pa 35 peresenti kufika pa 28 peresenti, n'kufunsa chomwe chachitikira mitengo. Mapepala ambiri anayankha mosangalala kuti katundu watsika mtengo.

Sanatsike. Inifuleshoni ndi liwiro lomwe mitengo ikukwerera, si mitengo yeniyeniyo. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imasonkhanitsa mitengo ya katundu yemwe mabanja amagula kawirikawiri, n'kuyerekeza mwezi uno ndi mwezi womwewo chaka chatha. Tiyerekeze kuti banja lina linkagula zofunika pakhomo ndi K100,000. Inifuleshoni ikakhala 35 peresenti, monga inalili m'Malawi mu Januwale 2024, katundu yemweyo afuna K135,000 pakatha chaka. Chaka chotsatira inifuleshoni ikatsika kufika pa 28 peresenti, 28 peresentiyo imawerengedwa pa K135,000, ndipo banjalo lidzafunika K172,800. Chiwerengero cholengezedwa chatsika, koma ndalama yotuluka m'thumba yakwera ndi K37,800, kuposa K35,000 ya chaka choyamba chija. Zili ngati minibasi yomwe dalaivala wachepetsako moto: ikupitabe kutsogolo, sinayambe kubwerera m'mbuyo. Kuti mitengo itsikedi, inifuleshoni iyenera kupita pansi pa ziro.

N'chifukwa chake mayi wogula sopo ndi mafuta ophikira akamva pa wailesi kuti inifuleshoni yatsika amati akunamizidwa. Sakunamizidwa, komanso iye sakulakwitsa pa zomwe akuona kumsika. Banki yayikulu yomwe, cholinga chake sikubwezera mitengo pomwe inali kale. Chomwe imanena n'chakuti ikufuna inifuleshoni idzafike cha pa 5 peresenti, kutanthauza kuti mitengo izikwerabe koma pang'onopang'ono.

Kenaka mphunzitsiyo anafika pa funso lomwe linagwetsa ngakhale ophunzira akhama. Kumayambiriro kwa 2024, komiti yoona za ndalama ku banki yayikulu inakweza chiwongoladzanja chake kuchoka pa 24 kufika pa 26 peresenti. Ophunzira anafunsidwa ngati pamenepa banki inali itamangadi lamba. Ambiri anangoona 26 n'kunena kuti inde, ndalama yadula zedi.

Nambalayo payokha sinena kanthu mpaka itaikidwa pambali pa inifuleshoni. Munthu akabwereketsa mnzake K100,000 pa 26 peresenti, pakutha pa chaka alandira K126,000. Koma ngati mitengo yakwera ndi 35 peresenti m'chaka chomwecho, katundu yemwe akanagula ndi K100,000 ija tsopano ali pa K135,000. Ndalama zamuchulukira m'manja, koma zomwe angagule zachepa. Wapindula ndi wobwereka uja, chifukwa akubweza ndalama yopepuka kuposa yomwe anatenga. Chiwongoladzanja chenicheni, chomwe chimatsala inifuleshoni ikachotsedwa, chili pansi pa ziro.

Apa kalatayo inawonjezera kanthu kena komwe mabuku ambiri amangodutsa. Njira yachidule ndi kuchotsera: 26 kuchotsa 35, yankho n'kukhala 9 pansi pa ziro. Njira imeneyi imagwira bwino m'mayiko momwe inifuleshoni ili pa 2 kapena 3 peresenti, komwenso mabuku ambiri a zachuma amalembedwera. Manambala akakula chonchi, imasocheretsa. Kuwerenga koyenera ndi kugawa 126 ndi 135, zomwe zimapereka pafupifupi 0.933. Ndiye kuti wobwereketsa uja wataya pafupifupi 6.7 peresenti ya mphamvu yake yogulira, osati 9. Mphunzitsiyo anapereka malikisi kwa onse omwe anachotsera, koma malikisi okwanira anapita kwa amene anagawa, kapena amene ananena kuti poganiza zobwereka munthu amayang'ana inifuleshoni yomwe akuyembekezera m'chaka chikubwerachi, osati ya chaka chatha yokha.

Wina angadabwe kuti nanga bwanji wamalonda akulira ndi ngongole ya kubanki ngati chiwongoladzanja chenicheni chili pansi pa ziro. Yankho lake n'lakuti iye sabwereka pa 26. Banki yake imawonjezera phindu lake pamwamba, ndipo malonda ake kapena malipiro ake mwina sakukwera mofanana ndi mitengo. Mfundo imeneyi ndi yomwe mphunzitsiyo ankaifunafuna m'mapepala, koma anaipeza mwa apo ndi apo.

Chiganizo choloweza chija chinabweranso pa funso lofotokoza njira yomwe chiwongoladzanja chimafikira pa mitengo. Ophunzira ankadumpha kuchoka ku banki yayikulu n'kukatera pamsika wa Limbe m'mzere umodzi. Pakati pake pali masitepe, ndipo malikisi anali pa masitepewo. Banki yayikulu ikakweza chiwongoladzanja, mabanki amabwerekana ndalama modula. Kenaka amakweza chiwongoladzanja cha makasitomala awo. Makampani ndi anthu ena amaimika kaye zobwereka, kugula kumachepa, ndipo ogulitsa amayamba kuopa kukweza mitengo mwachisawawa. Zonsezi zimatenga miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Wophunzira amene analemba kuti mitengo itsika mwezi wotsatira anasonyeza kuti njirayo sanaiyendepo m'mutu mwake.

Ndipo sitepe iliyonse ikhoza kuthyoka. Kuno kwathu chakudya chimatenga pafupifupi theka la katundu yemwe amawerengedwa poyeza inifuleshoni, ndipo m'chakudyamo chimanga ndiye mwini nkhani. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda kum'mwera. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chimanga chikasowa chonchi, mtengo wake umakwera ngakhale chiwongoladzanja chikhale pa 26 kapena pa 40, chifukwa palibe amene amasiya kudya nsima poti ngongole za kubanki zadula. Chomwe banki yayikulu ingathe ndi kuletsa kuti kukwera kwa chimangako kusafalikire ku lendi, ku malipiro ndi ku mitengo ina yonse. Komanso anthu ambiri sabwereka kubanki n'komwe. Amabwereka ku banki m'khonde kapena kwa akatapila, komwe chiwongoladzanja chimagwirizanidwa pamwezi ndipo sichidikira zomwe komiti ya ku Lilongwe yanena.

Wobwereka wamkulu m'mabanki athu ndi boma. Ilo silichepetsa kubwereka msanga chifukwa choti chiwongoladzanja chakwera, koma ngongole yake ndi yomwe imalemera. Mapepala ochepa okha ndi omwe anafika pamenepa, ndipo kwa wolemba nkhani ino, ophunzira amenewo ndi omwe anayankha za Malawi, pomwe anzawo ankayankha za dziko la m'buku.

Cholakwa chomwe mphunzitsiyo anachisungira kumapeto ndi cha masamu a kugwa kwa kwacha, ndipo pano ophunzira ali ndi podzikhululukira, chifukwa ngakhale nyuzipepala zimalemba chimodzimodzi. Mu Novembala 2023 banki yayikulu inalengeza kuti dola imodzi, yomwe inkagulitsidwa pafupifupi K1,180, izigulitsidwa K1,700. Dziko lonse linati kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Ophunzira atafunsidwa kuti kwacha inataya gawo lanji la mphamvu yake yogulira dola, analemba 44 yemweyo osaganizanso.

Kusiyana kwa mitengo iwiriyi ndi K520. Mukagawa 520 ndi mtengo wakale wa 1,180 mupeza 44 peresenti, ndipo uku ndi kukwera kwa mtengo wa dola. Koma funso linali la kwacha. Wamalonda yemwe anali ndi K118,000 akanagula madola 100 chilengezocho chisanabwere. Chitabwera, ndalama yomweyo inkagula madola 69 ndi masenti pang'ono. Wataya madola pafupifupi 31 pa 100 alionse, ndiye kuti kwacha inataya pafupifupi 31 peresenti. Manambala onse awiri ndi oona, koma akuyankha mafunso osiyana. Zinachitikanso mu Meyi 2012, boma la Joyce Banda litangolowa, pomwe dola inachoka cha pa K168 kufika cha pa K250: ena analemba 49 peresenti, ena 33, ndipo onse ankanena za tsiku limodzi.

Njira yodziwira kuti mwasokoneza ndi yosavuta. Dola ikachoka pa K1,000 kufika pa K2,500, mtengo wake wakwera ndi 150 peresenti. Wophunzira akalemba kuti kwacha yagwa ndi 150 peresenti, ndiye kuti akunena kuti yataya zoposa zonse zomwe inali nazo, chinthu chosatheka. Yataya 60 peresenti, chifukwa K1,000 yomwe inkagula dola yathunthu tsopano ikugula masenti 40. Mphunzitsiyo anapempha kuti pa mayeso obwereza aliyense azilemba kaye kuti akuyeza ndalama iti, dola kapena kwacha, asanayambe kugawa, ndipo anachenjeza kuti yankho lopanda mzere umenewo lidzalandira theka la malikisi ngakhale nambala yake itakhala yolondola.