Masiku 30 a mu kontirakiti ya soya

Tiyerekeze kopaletivi ya alimi ku Mchinji imene ikugulitsa matumba 400 a soya kwa kampani ina ku Kanengo, mu Lilongwe. Theka la ndalama laperekedwa kale. Kontirakiti ili m'Chingerezi, ndipo chiganizo china chikumanga wogula kuti amalize kulipira m'kati mwa masiku 30 katundu akaperekedwa. Pofuna kuti mamembala amve asanasaine, komiti yapempha anthu awiri kuti amasulire.

Woyamba walemba kuti: "Wogula adzalipira ndalama zotsala pakatha masiku 30 katundu atafika." Wachiwiri wati: "Wogula ayenera kulipira ndalama zotsala pasanathe masiku 30 kuyambira tsiku limene wasainira chikalata cholandirira katundu."

Pamsonkhano wa pansi pa mtengo, choyambacho chingaomberedwe m'manja. Ndi chachifupi, chikukoma m'khutu. Komatu chatembenuza nkhani. Amene wauzidwa kuti alipire "pakatha masiku 30" alibe mlandu akalipira pa tsiku la 45 kapena la 90, pakuti masikuwo athadi. Malire otsekera asanduka poyambira. "Pasanathe" ndiye akumanga wogula: tsiku la 31 likakwana asanalipire, waphwanya pangano. Ndipo kuchedwa si nkhani yamasewera. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti kamodzin'kamodzi. Amene ankadikira malipiro nthawi imeneyo anapeza feteleza atakwera mtengo.

Nayenso "adzalipira" akungolosera zam'tsogolo, pamene "ayenera kulipira" akusenzetsa munthu udindo.

Pamene pagona mkangano weniweni ndi pa "katundu atafika". Wafika kuti? Lole ikhoza kuima pageti Lachisanu madzulo, matumba n'kukwera sikelo Lolemba, wa ku nyumba yosungira katundu n'kusaina Lachiwiri ataona ngati soyayo ndi wouma bwino. Alimi adzawerenga kuyambira Lachisanu, kampani Lachiwiri. Womasulira wachiwiri sanangopeka za chikalatacho ayi. Anabwerera ku ndime yoyamba ya kontirakiti, imene ikufotokoza kuti katundu amaonedwa kuti waperekedwa pamene wogula wasaina, n'kutenga tanthauzo lomwelo. Chikanakhala kuti ndimeyo palibe, kuwonjezera kwakeko kukanakhala kulemba pangano latsopano, ntchito imene si yake.

Omasulira odziwa ntchito amayesa motere: amapatsa Chichewacho munthu amene sanaone chikalata choyambirira kuti achibweze m'Chingerezi, kenako n'kufunsa kuti wochita ndani, achite chiyani, pofika liti. Choyamba chija chimagwa pa funso lachitatu.

Chachiwiri ndiye choyenera, ngakhale n'cholemera pakamwa. Chotsala ndi choti makontirakiti ambiri a zilankhulo ziwiri amakhala ndi ndime yonena chilankhulo chimene chidzatsatidwe ziwirizo zikasemphana. Nthawi zambiri chimakhala Chingerezi, chimenenso Khoti Lalikulu limagwiritsa ntchito poweruza milandu ya zamalonda. Choncho komitiyo ifunika kumasuliridwanso ndime imeneyi tcheyamani asanagwire cholembera.