Tsitsi la ombure pa posita: lekani kupaka penti, sewenzetsani Gradient Map

Pitani ku Kalingalinga, ku Matero kapena ku Cawama, muyang'ane maposita a masaluni. Mupeza mtsikana wokongola, nkhope ili bwino, koma kumutu monga wavala cipewa ca pulasitiki cofiira. Palibe luko looneka, palibe kuwala, palibe mthunzi. Wopanga posita anasankha tsitsi, n'kuthira mtundu umodzi pamwamba, basi kwatha.

Ine nanenso ndinacitapo zimenezi. Msuweni wanga ali na kasaluni, ndipo anandipempha posita yoonetsa maluko a ombure, aja oyamba akuda kumizu n'kutha ofiirira kunsonga, amene pa paketi amalemba T1B/30. Cithunzi cimene tinali naco cinali ca maluko akuda okhaokha. Ndinatenga bulashi, ndinapaka bulauni kumunsi. Ataiona anaseka mpaka misozi, ati makasitomala aganiza kuti amaviika anthu mu ndowa ya penti. Ndalama yosindikiza inali yake, ndiye ndinabwerera pa laputopu.

Vuto la mtundu umodzi ni ili: tsitsi lenileni silikhala na mtundu umodzi. Pa luko limodzi pali pakuda pamene zingwe zapingasana, pali papakati, ndipo pali pamene dzuwa lamenya. Ukathira bulauni mmodzi ponseponse, zitatu zonsezi zimafafanizika, ndipo diso limadziwa pomwepo kuti ni feki.

Apa ndiye pamene Gradient Map imagwira nchito. Ili mu Photoshop, ilinso mu Photopea, imene imatseguka mu bulauza mosalipira. Imayang'ana kuwala kwa kadontho kalikonse ka cithunzi. Malo akuda imawapatsa mtundu wa kumanzere kwa mzere wa mitundu, malo owala imawapatsa wa kumanja, apakati nawo apakati. Ndiye mithunzi na kuwala kwa tsitsi zimatsala, mtundu cabe ndiwo usintha.

Koma mverani apa, cifukwa ambili amagwera pamenepa. Dzina limanamiza. Gradient Map siiyenda kucoka kumizu kupita kunsonga. Iyo imatsata kuwala, siidziwa kuti mutu uli kuti. Imene imapanga ombure ni masiki, kaja kabokosi koyera kali pambali pa leya. Pamene masiki ili yakuda, mtundu umabisika. Pamene ili yoyera, mtundu umaoneka. Conco nchito zili ziwili: Gradient Map ipereka mtundu, masiki iuza mtunduwo poyambira.

Pa posita ya msuweni ndinayamba na kusankha tsitsi na Quick Selection Tool, kenaka Select and Mask kuti tutsitsi twa m'mbali tusadulike monga na lumo. Ndinapanga gulupu yatsopano mu Layers n'kuipatsa masiki ya tsitsilo. Ubwino wake ni wakuti ciliconse cimene waika mkati mwa gulupu sicitaikira pa nkhope kapena pa bulauzi.

Mkati mwa gulupu ndinapita pa Layer > New Adjustment Layer > Gradient Map, ndipo pa mzere wa mitundu ndinaika mitundu inayi. Nambala yoyamba ni Location, yaciwili ni mtundu:

```
0    #1a0d08
20   #6b2f12
45   #b8692e
100  #f3d9b1
```

Woyamba ni bulauni wakuda kwambili wa m'mithunzi, waciwili na wacitatu ndiwo bulauni wofiirira wa namba 30, wotsiriza ni kuwala kwa dzuwa. Onani kuti mitundu yapakati ndinaikankhira kumanzere, pa 20 na 45. Cifukwa cake n'cakuti tsitsi lakuda pafupifupi lonse limakhala kumbali ya mdima. Ukagawa mitundu mofanana, tsitsi lonse limagwera pa mtundu woyamba ndipo uona monga palibe cacitika. Ngati zaoneka monga negetivu ya filimu, mithunzi yowala ndipo powala pakuda, ndiye kuti mzere watembenuka. Dinani Reverse.

Manje ombure. Ndinadina pa masiki ya Gradient Map, ndinatenga Gradient Tool, yakuda kupita ku yoyera, n'kukoka mzere kucoka pa khutu kufika pa phewa. Kumwamba kwa khutu tsitsi linatsala lakuda, kumunsi kwa phewa bulauni yense, pakati mitundu inalowana pang'onopang'ono. Mukakoka kamzere kafupi, malire amakhala akuthwa monga lamba. Mukakoka wautali, kusintha kumafewa. Koma ngakhale wofewa, mzere woongoka umagulitsa munthu, cifukwa maluko sayambira pamodzi kusintha mtundu. Ndinatenga bulashi yofewa, Opacity pa 30%, ndipo pa masiki yomweyo maluko ena ndinakweza bulauni na yoyera, ena ndinatsitsa na yakuda.

Nkhani ya ma blend mode, kaja kamndandanda kolembedwa Normal pamwamba pa Layers, ili monga ya ku saluni. Aliyense wodaya tsitsi adziwa kuti dayi wowala sagwira pa tsitsi lakuda ngati sunayambe na bulichi. Pa kompyuta n'cimodzimodzi. Color imasintha mtundu koma kuwala imasiya mmene kunalili, ndiye pa wigi ya bulondi igwira bwino maningi, koma pa tsitsi lakuda siioneka. Soft Light na Overlay nazo zimalephera kuwalitsa malo akuda bii. Pa maluko akuda ndinasiya Gradient Map pa Normal n'kutsitsa Opacity kufika pa 85% kuti tsitsi lenileni lionekereko. Ngati mufunadi Color, ikani Curves pansi pake mukweze kuwala coyamba. Ameneyo ndiye bulichi wanu. Osakweza mopitirira, cifukwa cithunzi ca foni cojambulidwa mumdima cimayamba kuonetsa timadontho monga mcenga.

Mahailaiti, tuja tumizere towala, ndinawapanga na Gradient Map yaciwili ya mtundu wa uci, monga namba 27. Masiki yake ndinaidetsa yonse na Ctrl+I, kenaka na kabulashi koyera ndinatsata maluko ocepa cabe, kulondola mmene agonera, maka-maka a pafupi na nkhope. Pano Soft Light inagwira, cifukwa pansi panali kale bulauni. Mukacita luko lililonse, sialinso mahailaiti, mwangosintha mtundu wa mutu wonse.

Musanatumize kosindikiza, kuzani cithunzi pa 100% muyang'ane malo atatu. M'mbali mwa tsitsi, ngati pali kamzere ka olenji kozungulira mutu, masiki ya gulupu yadya khoma la kumbuyo. Pa khosi na pa khutu, onani ngati khungu silinatenge mtundu. Ndipo pakati pa maluko payenera kukhalabe mdima. Ngati mdimawo wasowa, mtundu wanu wa pa 0 wawala kwambili, ubwezeni pansi.

Cotsiriza anandiphunzitsa ni msuweni yemwe. Ndinamuonetsa mtundu wina wa pepo wowala monga magetsi a mu kilabu, iye anakana. Kasitomala amabwera na cala pa posita, afuna cimeneco ndendende, ndipo ngati mtunduwo kulibe pa paketi iliyonse ku Kamwala, mkangano uyambira pa mpando. Ndiye manje ndikapanga posita ya saluni, paketi ya maluko imakhala pambali pa laputopu, ndipo mitundu ndimaifananiza na imeneyo.