Tebulo limodzi likafufutika, osabweza detabesi yonse

Tiyerekeze sitolo ya zipangizo zomangira yomwe imasunga malonda ake mu detabesi ya MySQL yotchedwa `sitolo`. Detabesi ili ngati kabati yokhala ndi mabuku a kaundula angapo, ndipo buku lililonse limatchedwa tebulo: la katundu, la malonda, la malipiro, la ngongole. Usiku uliwonse 1 koloko, seva imakopera zonsezi m'fayilo imodzi. Imeneyi ndiye bakapu.

Lachiwiri m'ma 10 koloko m'mawa, woyang'anira makompyuta akuchotsa matebulo akale. Amafuna kufufuta `ngongole_zakale`, koma dzanja lathamanga, walemba `DROP TABLE ngongole`. Posakhalitsa wa pakauntala akuitana kuti makina akukana, ndipo pa sikirini pali mawu awa:

```
ERROR 1146 (42S02): Table 'sitolo.ngongole' doesn't exist
```

Mu MySQL lamulo la `DROP TABLE` silibwezeka. Ngakhale mulembe `ROLLBACK`, tebulo lapita basi. Apa ambiri amaganiza zongobwezeretsa bakapu ya usiku, nkhani ithe. Koma kuyambira 1 koloko usiku kufika 10 koloko m'mawa ndi maola 9, ndipo sitolo yakhala ikugulitsa chitsegulireni. Fayilo yopangidwa ndi `mysqldump` ikafika pa tebulo lililonse imayamba ndi lamulo loti lomwe lilipolo lifufutidwe, kenako n'kulimanganso monga linalili usiku. Mukaithira yonse mu detabesi yomwe ikugwira ntchito, ngongole zibwerera, koma malonda ndi malipiro a m'mawa wonse apita. Mwapulumutsa buku limodzi, mwatentha masamba a lero m'mabuku ena onse.

Choyamba kuchita si kubwezeretsa ayi. Imitsani kaye mbali ya pulogalamu yomwe imalemba ngongole, a pakauntala azilemba m'kope. Kenako koperani fayilo ya bakapu, muiike pena. Chifukwa chake n'chakuti m'malo ambiri bakapu yatsopano imalembedwa pamwamba pa yakale, ndipo ya usiku ukubwerawu idzakhala yopanda tebulo la ngongole. Mukagona musanakopere, m'mawa mudzapeza kuti pothawira paja patsekeka. Onaninso mzere womaliza wa fayiloyo. Ikakhala yathunthu, kawirikawiri imatha ndi mawu oyamba ndi `-- Dump completed`. Akasowa, mwina bakapu inadukira panjira, choncho funani ya dzana.

Njira yodalirika ndi yothira bakapu yonse pamalo ena apadera, n'kutengamo tebulo limodzi lokhalo. Malowo akhoza kukhala detabesi yatsopano pa seva yomweyo, koma apa pali msampha umene wagwetsa ambiri. Ngati bakapu inapangidwa ndi `--databases` kapena `--all-databases`, m'kati mwa fayilo muli mzere woti `USE` wotchula dzina la detabesi yeniyeni. Inu mulamula kuti zonse zipite kumalo apadera, koma makina akafika pa mzerewo amatembenuka n'kuyamba kulemba mu `sitolo` yeniyeniyo. Musanathire, fufuzani:

```
grep -nE "^(USE |CREATE DATABASE)" sitolo_usiku.sql
```

Lamuloli likangotulutsa mzere ngakhale umodzi, fayiloyo isayandikire seva ya ntchito. Ndiye bwino kungozolowera kugwirira ntchitoyi pa kompyuta ina, ngakhale laputopu, bola ikhale ndi MySQL wofanana ndi wa pa seva komanso malo okwanira. Kumeneko fayilo ikasochera, palibe chimene iwononge. Dziwaninso kuti bakapu yaikulu imatha kutenga maola kuti ilowe, chifukwa makina amalemba mizere yonse mwatsopano. Eni sitolo auzidwiretu zimenezi.

Pa kompyuta yapaderayo, ngati fayilo ilibe mzere wa `USE`, ntchito imayenda motere:

```
mysql -e "CREATE DATABASE sitolo"
mysql sitolo < sitolo_usiku.sql
mysqldump sitolo ngongole > ngongole.sql
```

Mzere woyamba ukupanga detabesi yopanda kanthu, wachiwiri ukuthiramo bakapu yonse, wachitatu ukutulutsa tebulo la ngongole lokha m'kafayilo kakekake. Musanapite nako ku seva, werengani mizere ya m'tebulomo ndipo onani ngongole yomalizira. Tinene kuti nambala yake ndi 4,812, ndipo inalembedwa Lolemba madzulo. Muitaneni wosunga ndalama aone ngati ndi yomwe akuikumbukira. Akavomera, tsegulani kafayiloko mutsimikize kuti mukutchulidwa tebulo limodzi lokha, kenako pa seva lembani `mysql sitolo < ngongole.sql`. Matebulo ena sakhudzidwa.

Komabe tebulo labwerali ndi la 1 koloko usiku. Tinene kuti m'mawa uja, lisanafufutike, munalembedwa ngongole 23, kuyambira nambala 4,813 mpaka 4,835. Izi mu bakapu mulibe, ndipo vuto lake silithera pa kusowa kokha. MySQL amapereka yekha nambala kwa mzere watsopano uliwonse, ndipo tebulo lobwezeretsedwali likudziwa kuti yotsatira ndi 4,813. Pamene m'tebulo la malipiro, lomwe silinafufutike, mwina muli kale ndalama zimene kasitomala wa m'mawa anapereka pa ngongole 4,813. Mukangotsegula kauntala, munthu wina wodzatenga simenti pangongole apatsidwa nambala yomweyo, ndipo ndalama za mnzake zioneka ngati zake. Makina sadandaula chilichonse. Zimadzaululika pakutha pa mwezi, anthu akukangana pa risiti.

Kuti muzindikire msanga, funsani tebulo la malipiro nambala ya ngongole yaikulu kwambiri yomwe likutchula. Ikaposa 4,812, dziwani kuti pali mpata. Malisiti a m'mawa akuuzani nambala yeniyeni yomalizira, ndipo mulamule tebulo liyambire patsogolo pake:

```
ALTER TABLE ngongole AUTO_INCREMENT = 4836;
```

Nanga ngongole 23 zija? Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuzilembanso pamanja kuchokera pa malisiti, iliyonse ndi nambala yake yakale. Yachiwiri imadalira kaundula wina yemwe MySQL amasunga, wolemba kusintha kulikonse motsatana. Mu MySQL 8.0 kaundulayu amakhala woyatsa kale pokhapokha wina atamuzimitsa, ndipo amasungidwa masiku 30. Ndi pulogalamu ya `mysqlbinlog` mumafufuza pamene pali lamulo la `DROP TABLE` lija, n'kubwereza pa kompyuta yapadera zonse zimene zinachitika kuyambira pa bakapu, kulekezera lamulolo lisanafike. Mukapitirira ndi sitepe imodzi yokha, tebulo lifufutikanso, koma poti ndi pa kompyuta yapadera mungoyambiranso. Poyambira penipeni pamadziwika bwino ngati bakapu inapangidwa ndi `--source-data`, yomwe kale inkatchedwa `--master-data`, chifukwa imalemba malowo m'fayilo. Njirayi ikakhalapo, ichitike musanatulutse tebulo lija, kuti lipite ku seva lili ndi mizere yonse mpaka 4,835.

Musanauze a pakauntala kuti ayambirenso, tengani malisiti atatu, la sabata yatha, la Lolemba ndi la m'mawa wa Lachiwiri, muwafananitse ndi zimene makina akuonetsa. Onse akagwirizana, lowetsani zimene zinalembedwa m'kope muja, ndipo pangani bakapu yatsopano nthawi yomweyo, osadikira 1 koloko usiku.