Adina ambiri, koma atsala angati?

Amene anaikapo kanema pa YouTube amaidziwa nthenda yake. Kukangocha, asanasukusule n'komwe, foni ili kale m'manja, akuona kuti anthu angati aonera. Nambalayo ikakwera mtima umakhala m'malo. Koma nambala imeneyi imangowerenga amene alowa pakhomo. Sinena ngati anakhala pansi n'kumva nkhani, kapena anangosuzumira n'kubwerera.

Munthu asanaonere kanema amakumana kaye ndi chikuto chake: kachithunzi kapamwamba, mutu, ndi mawu ofotokoza amene amalembedwa m'munsi. Zimenezi ndi zomwe odziwa ntchitoyi amazitcha metadeta. Palinso timawu tina totchedwa matagi, koma eni ake a YouTube amanena okha kuti thandizo lake n'lochepa, kupatula pamene dzina la chinthu anthu amakonda kulilemba molakwika. Zonyamula katundu wolemera ndi kachithunzi ndi mutu. Ntchito yake ili ngati ya woitanira minibasi pasiteji. Atha kudzaza galimoto msanga pokuwa kuti "Limbe! Limbe!", koma ngati galimotoyo ikupita ku Chilomoni, anthu atsikira panjira, ndipo atsika atakwiya.

Kuti mudziwe ngati woitanira wanu akukweza anthu oyenera, pali nambala ziwiri mu YouTube Studio, pa gawo la `Analytics`, zofunika kuziwerenga pamodzi.

Yoyamba imalembedwa `Impressions click-through rate`, mwachidule CTR. YouTube ikaonetsa munthu kachithunzi kanu kwa nthawi yoposa sekondi imodzi, theka lake kapena kuposerapo likuoneka pagalasi, imawerenga kuti kaonetsedwa kamodzi. CTR imanena kuti mwa maulendo 100 alionse amene kachithunziko kanaonetsedwa, ndi angati amene munthu anadina n'kuyamba kuonera. YouTube imati theka la matchanelo ndi makanema onse limakhala pakati pa 2 ndi 10 pa 100 alionse. Mpatawu ndi waukulu, choncho kufunsa mnzanu kuti yake ili pati sikukuuzani zambiri.

Yachiwiri ndi `Average view duration`, kutanthauza nthawi imene woonera mmodzi amakhala pa kanemayo mukaphatikiza nthawi ya onse n'kuigawa mofanana. Nthawi yoonerayi inayamba kulemera m'chaka cha 2012. M'mbuyomo kanema ankakwera makamaka chifukwa chodinidwa kambiri, ndiye anthu anazolowera kuika zithunzi zonyenga. M'chakacho YouTube inasintha, n'kuyamba kukondera makanema amene anthu amakhalitsapo.

Tiyeni tione nkhaniyi ndi chitsanzo. Mayi wake komanso manambala ake ndi ongoyerekezera, koma masamu ake ndi omwewo amene mungachite pa tchanelo yanu.

Mayi wina woweta nkhuku zachikuda wajambula kanema wa mphindi 10 woonetsa kaperekedwe ka katemera wa chitopa, uja wodontheza kadontho kamodzi m'diso la nkhuku. Mwana wake, amene amaziona kuti ndi katswiri pa zamafoni, wamuuza kuti, "Amayi, mukalemba za katemera palibe adine." Ndiye aika mutu wakuti "Nkhuku zanga zonse zatha usiku umodzi!", pachithunzi pali mayiyo atagwira kumutu pafupi ndi khola. Patatha milungu iwiri, kachithunziko kaonetsedwa maulendo 20,000, ndipo CTR ili pa 9. Amenewo ndi anthu 1,800. Mwanayo akuyenda modzitukumula. Koma pa nthawi yoonera palembedwa masekondi 50.

Tsopano yerekezani kuti kanema yemweyo anatuluka ndi mutu wakuti "Katemera wa chitopa: kadonthezedwe kake m'diso la nkhuku", pachithunzi pali dzanja logwira mutu wa nkhuku ndi kabotolo. Maulendo ndi omwe aja 20,000, koma CTR yagwa kufika pa 4. Odina ndi 800 okha, osafika ndi theka lomwe la oyamba aja. Komabe aliyense akukhala mphindi zinayi ndi theka.

Wapambana ndi uti? Njira yake ndi kuchulukitsa nambala ziwirizo, kuti mupeze mphindi zimene mwakolola pa maulendo 1,000 alionse amene kachithunzi kanaonetsedwa. Pa mutu woyamba, maulendo 1,000 abweretsa anthu 90, aliyense masekondi 50. Zonse pamodzi ndi masekondi 4,500, kapena kuti mphindi 75. Pa mutu wachiwiri, maulendo 1,000 abweretsa anthu 40, aliyense mphindi zinayi ndi theka, ndipo zakwana mphindi 180. Mukawerengera maulendo onse 20,000, woyamba wapeza maola 25 pamene wachiwiri wapeza maola 60. Mutu wozizira uja waposa wamoto kuwirikiza kawiri, n'kutsalakonso.

Chachitika n'chosavuta kuchiona. Mutu woyamba unaitana okonda nkhani za tsoka. Anabwera kudzamva ngati ndi fisi, wakuba kapena mnansi wanjiru, ndipo atangoona kabotolo ka mankhwala anadziwa kuti alowa nyumba yolakwika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ngakhale kuti pano m'katimo munali chakudya chabwino, kungoti anaitanidwawo sanali anjala yake. Choipa kwambiri n'chakuti woweta weniweni, amene nkhuku zake zayamba kuodzera ndi kupinda makosi, akalemba "chitopa" pamalo ofufuzira n'kovuta kuti akumane ndi kanemayo, poti liwulo mulibe m'mutu. Ndipo YouTube ikaona kuti anthu akudina n'kuthawa, kawirikawiri imachepetsa kuonetsa kanemayo kwa ena, moti ngakhale maulendo 20,000 aja mutu woyamba sungapitirize kuwapeza.

Masamuwa simufunikanso kuwachita pamanja nthawi zonse. Mukatsegula `Analytics` pa kompyuta, pali chojambula chooneka ngati fanulo chotchedwa `Impressions and how they led to watch time`, chimene chimayala nambalazi motsatizana mpaka pa maola amene zabala. Ine ndimakondabe kugawa ndekha pa 1,000, chifukwa ndi pamene makanema awiri osafanana kutchuka amatha kuimikidwa pamzere umodzi.

Koma apa m'pamene ambiri amapupuluma. Akaona CTR yokwera ndi nthawi yochepa, amathamangira kunena kuti mutu wanama. Mwina sunaname. Mwina vuto lili m'kanema mwenimwenimo, ndipo ife tili ndi chizolowezi chimodzi chimene chimatipweteka pamenepa: malonje. Munthu amayamba ndi kupereka moni kwa onse, kuthokoza amene anaonera kanema wapita, kupepesa kuti anasowa masiku angapo chifukwa cha maliro, kupempha kuti anthu alembetse ku tchanelo, kenaka kanyimbo. Pakhomo pa munthu umenewo ndi ulemu. Koma woonera ali ndi bandulo imene ikusungunuka sekondi iliyonse, ndipo mphindi yathunthu yadutsa nkhuku asanaione.

Ndiye mungasiyanitse bwanji mlandu wa mutu ndi mlandu wa kanema? Pali malo awiri oyang'ana.

Oyamba ndi mzere woonetsa pamene anthu akuchokera, pa `Key moments for audience retention`. Mzerewu umayambira pamwamba n'kumatsika kanema akamapita, ndipo YouTube imakuuzani kuti ndi angati amene anali akuonerabe pa sekondi ya 30. Kutsika pang'ono poyambirira kumachitika pa kanema aliyense. Koma ukagwa ngati phompho m'masekondi oyambawo, kenaka n'kuyenda chathyathyathya mpaka kumapeto, ndiye kuti panabwera magulu awiri: ambiri amene sanapeze chomwe analonjezedwa, ndi ochepa amene anachipeza n'kukhala. Kumeneko n'kuitana anthu olakwika. Mzere ukamatsika pang'onopang'ono njira yonse, oitanidwawo anali oyenera, kungoti kanemayo akuwatopetsa. Ndipo mukaona kaphiri patsogolo, titi pa mphindi yachitatu pamene mayi uja akuyamba kudontheza mankhwala, dziwani kuti anthu akudumpha malonje kuthamangira pamenepo, kapena akubwereza kuti aonetsetse. Zikatero mutu musaukhudze. Kanema wotsatira adzayambire pa kabotolo.

Malo achiwiri, amene ine ndimawakhulupirira kwambiri, ndi njira imene oonera anadzera. Mu `Advanced mode` mutha kugawa manambala potengera `Traffic source`. Odzera pa `YouTube search` ndi amene analemba okha chomwe akufuna. Odzera pa `Browse features` anangokumana ndi kachithunziko akuyendayenda, makamaka patsamba loyamba. Ngati ofufuza akukhala mphindi zisanu koma oyendayenda akuthawa pa masekondi 30, kanemayo alibe mlandu, koma chikuto chake ndi chimene chikukopa odutsa m'njira. Ngati onse, ngakhale amene analemba okha kuti "chitopa", akuthawa mofanana, kusintha chithunzi sikuchiza kanthu. Pansi pa `YouTube search` pamaonekanso mawu enieni amene anthu analemba. Mayi wathu akapezamo mawu onena za kuba nkhuku kapena za ufiti, safunikanso umboni wina.

Pali msampha wina umene umagwira makamaka ife. Makanema athu ambiri amayenda pa WhatsApp: gulu la kumpingo, la kumudzi, la abale amene ali ku Joni. Munthu akadina linki kumeneko amawerengedwa kuti waonera, pansi pa `External`, koma salowa m'masamu a CTR, chifukwa si YouTube imene inamuonetsa kachithunziko. Nthawi yake yoonera ndiye imalowa m'chiwerengero cha onse. Azakhali 200 amene anatsegula masekondi 10 kuti angokusangalatsani atha kugwetsa nambala yonse, inu n'kumadzudzula mutu wosalakwa. Poweruza chikuto, achotseni kaye amenewa.

CTR nayonso imasintha yokha popanda inu kukhudza kanthu. Tsiku loyamba imakonda kukhala yokwera, poti oyamba kuonetsedwa ndi okudziwani kale. Kanema akayamba kufikira alendo imatsika, ndipo nthawi zambiri kutsika kotere kumabwera pamodzi ndi kuchuluka kwa oonera. Nchifukwa chake kusintha mutu Lachiwiri n'kuyerekeza ndi manambala a Lolemba n'kudzinamiza: simungadziwe ngati chasintha ndi mutu kapena ndi anthu. Manambala ochepa nawonso sanena zoona. Kachithunzi kakaonetsedwa maulendo 100 okha, anthu atatu odina mwangozi akweza CTR ndi 3 yathunthu.

Pofuna kuchotsa chisokonezo chimenechi, mu 2024 YouTube inafalitsa chida chotchedwa `Test & Compare`. Mumaika zithunzi mpaka zitatu, iyo n'kumazionetsa kwa anthu osiyanasiyana pa nthawi imodzimodziyo. Chopambana sichisankhidwa poona chimene chadinidwa kwambiri, koma chimene chatenga gawo lalikulu la nthawi yoonera. Tchanelo ikakhala yaing'ono mayesowa amatha kutenga milungu iwiri, ndipo nthawi zina amatha popanda wopambana woonekeratu.

Ngakhale mphindi zili ndi malire ake. Munthu amene amangofuna kudziwa kuti madontho ndi angati, akapeza yankho pa mphindi yachiwiri n'kutseka foni kuthamangira kukhola, anali woonera woyenera kuposa onse, koma pamzere uja amaoneka ngati wothawa. Kuchoka kwa anthu otere kumaoneka yankho likangoperekedwa, osati lisanafike. Mayi wathu akaona mzere wake ukugwa atangomaliza kudontheza nkhuku yoyamba, mutu ausiye momwemo, ndipo kanema wotsatira, wa mankhwala a utitiri, adzamujambule wa mphindi zinayi.