Buku la magetsi, yang'anani kaye komwe linachokera

Wophunzira ntchito ya sola asanagule buku ayambe waona dziko lomwe linalembedwera. Kuno magetsi a m'nyumba ndi a mavoluti 230, ndipo kalumikizidwe kathu kanatengera ka ku Mangalande. Mabuku a ku Amereka, omwe mwina mungawapeze pa kaunjika, amakamba za mavoluti 120, ndipo m'menemo waya wakuda ndiye wa moto. Chonsecho m'nyumba zathu zakale wa moto ndi wofiira, wakuda ndi nyutulo. Pa mawaya atsopano wa moto ndi wabulauni, nyutulo ndi wabuluu. Kusokoneza mitunduyi kumapha. N'chifukwa chake pa mawaya a m'nyumba ndi bwino kugwira Electric Wiring: Domestic la Brian Scaddan, pamodzi ndi kabuku ka On-Site Guide, komwe kamafupikitsa malamulo a BS 7671.

Pa sola, ine ndimaika patsogolo Stand-Alone Solar Electric Systems la Mark Hankins, la mu 2010. Mlembiyu wagwira ntchito nthawi yaitali ku Kenya, ndiye amalemba akudziwa nyumba ya kumudzi yodalira batire, kopanda mapolo a magetsi. Solar Electricity Handbook la Michael Boxwell ndi losavuta kumva, koma mukamawerenga mabuku a kumpoto kwa dziko lapansi kumbukirani kuti kwawoko panelo amailozetsa kumwera, pomwe kuno imayang'ana kumpoto.

Buku labwino limadziwika ndi masamu a waya. Titenge panelo ya mawati 100 yotulutsa maampu pafupifupi 5.5, batire la mavoluti 12 lili pa mtunda wa mamita 10. Magetsi amapita ndi kubwerera, choncho waya ndi wa mamita 20. Mukaika wa 1.5, uja timakokera mababu, mavoluti pafupifupi 1.3 amathera m'njira, kusanduka kutentha. Pa 230 zimenezo n'zosaoneka, koma pa 12 ndi gawo loposa limodzi mwa magawo khumi. Zotsatira zake batire limachedwa kudzadza ngakhale dzuwa liswe mtengo, mababu amazima usiku usanapite patali, mwini nyumba n'kumadandaula kuti anamugulitsa batire lakufa. Mmisiri wowerenga amatenga mita, kuyeza ku panelo ndi ku kontolola masana, n'kuona kusiyanako. Waya wa 6 amangotaya mavoluti 0.3.

Onaninso ngati bukulo likulamula fyuzi pafupi penipeni ndi batire, chifukwa mawaya akagundana batire limatha kuyatsa nyumba. Liyeneranso kuphunzitsa kuti mukazimitsa magetsi muyese kaye choyezera chanu pomwe pali moto, kenako pa waya womwe mukufuna kugwira, n'kubwereranso pamoto paja kutsimikiza kuti chikugwirabe ntchito. Komabe kuwerenga sikukupatsani ufulu wolumikiza nyumba za anthu: chilolezo chimachokera ku MERA, ndipo mpaka mutachipeza muzigwira pansi pa mmisiri amene ali nacho.